Kutupidwa kwa thovu mu ng'ombe zodya msipu: Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene ndimafunsidwa chaka ndi chaka ndi alimi a ng'ombe a kuno ku Lusaka ndi madera oyandikana nafe, monga Chongwe, Chilanga, Kafue ndi Chisamba. Amachuluka kawiri pa chaka: mvula ikangoyamba mu Novembala ndi Disembala, komanso m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye pamene ng'ombe zimalowa m'minda yothirira. Ambiri amandifunsa ng'ombe itafa kale. N'chifukwa chake ndalemba pano, kuti muwerenge khola lanu likadali bwinobwino.

Kodi kutupidwa kwa thovu n'chiyani?

Chifu cha ng'ombe chili ndi zipinda zinayi. Chachikulu pa zonsezo chimadzaza pafupifupi mbali yonse ya kumanzere kwa mimba, ndipo ndi mmene udzu umawira ngati mowa mumtsuko. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya udzuwo timatulutsa mpweya wambiri, malita 30 mpaka 50 pa ola limodzi mu ng'ombe yaikulu imene yakhuta. Mu ng'ombe yabwinobwino mpweyawu umakwera pamwamba pa chakudya n'kukhala pawokha, ndipo ng'ombeyo imageya pafupifupi mphindi iliyonse, mwakachetechete moti mwina simunamvepo.

Ng'ombe ikadya msipu wanthete wa mtundu wina, madzi a m'chifu amanata. Mpweya uja sukweranso pamwamba koma umakodwa m'timathovu ting'onoting'ono tosaphulika, tosakanikirana ndi chakudya chonse. Thovulo likafika pakhomo pa kummero, khomolo silitseguka, pakuti linapangidwa kuti lizitsegukira mpweya osati zamadzimadzi. Ng'ombe imalephera kugeya, koma m'kati kuwira kukupitirira. Chifu chimafufuma, chimakankhira kutsogolo n'kupanikiza mapapo ndi mitsempha ikuluikulu yobwezera magazi kumtima. Ng'ombe yotupidwa imafa chifukwa chobanika.

Ndi zakudya ziti zimene zimayambitsa vutoli kuno kwathu?

Woyamba ndi luseni, mbewu ya ziweto ya m'gulu la nyemba, amene alimi a mkaka ambiri amabzala m'minda yothirira. Luseni wanthete, asanachite maluwa, ali ndi masamba ofewa amene amasweka msanga m'chifu n'kutulutsa mapuloteni osungunuka, ndipo mapuloteni amenewa ndiwo amalimbitsa thovu monga mmene choyera cha dzira chimachitira mukachipukusa. Kilova, mbewu ina ya m'gulu lomwelo, amachitanso chimodzimodzi. Pambuyo pake pamabwera tirigu ndi otsi zikadali zazing'ono, makamaka zothiridwa feteleza wambiri, ndipo izi n'zimene ng'ombe zothyola mpanda zimakumana nazo m'nyengo yozizira pamene kutchire kulibe chobiriwira. Masamba a kabichi ndi repu, amene ena amatuta kumsika kapena kudimba kukapatsa ng'ombe za m'khola, nawonso amatupitsa akaperekedwa ambiri nthawi imodzi.

Khobwe ndi nkhungudzu zaziwisi zingathe kutupitsa ng'ombe yanjala ikazidya zokhazokha, ngakhale sizifika pa luseni. Mbewu za m'gulu la nyemba zokhala ndi kukhakhala kuja kumene kumamata m'kamwa, monga lukina, sizichita thovu kawirikawiri.

Udzu wathu wa kutchire ndi wa m'madambo, komanso nsenjere, uli ndi ulusi wambiri ndipo suchita thovu wamba. Koma musaudalire kotheratu pa masabata oyamba a mvula, kapena pamene dambo laphuka pambuyo pa moto. Ng'ombe zakhala miyezi ikudya mapesi ndi udzu wouma, ndiye mwadzidzidzi zikupeza msipu wamadzi okhaokha, ndipo zimaudya mwaumbombo osatafuna mokwanira.

Bwanji ng'ombe zina zimatupidwa pamene zinzake, zodya munda womwewo, zili bwino?

Chachikulu ndi malovu. Ng'ombe imatulutsa malovu oposa malita 100 pa tsiku, ndipo m'malovumo muli zinthu zimene zimaswa thovu. Chakudya chouma chimafuna kutafunidwa ndi kubzikulidwa kwambiri, motero malovu amachuluka. Msipu wonyowa ndi mame kapena mvula umangomezedwa, malovu amachepa. Choncho ng'ombe yadyera, imene imathamangira patsogolo n'kumabudula nsonga zokhazokha, ndiyo imayamba kutupidwa. Nthawi zambiri imakhala ng'ombe yanu ya mkaka wambiri, chifukwa ndiyo ya njala kwambiri.

Palinso chibadwa. Ng'ombe ina imatupidwa chaka chilichonse, ndipo ana ake amatengera. Mukhale nayo maso, ndipo musasunge nkhunzi yobadwa kwa iyo.

Ndingadziwe bwanji kuti ng'ombe yayamba kutupidwa, ndipo ndili ndi nthawi yaitali bwanji?

Imani kumbuyo kwa ng'ombe n'kuyang'ana mbali ya kumanzere. Pakati pa nthiti yomaliza, fupa la chiuno ndi msana pali kachidikha ka ngodya zitatu, kamene pa ng'ombe yabwino kamakhala kolowa m'kati. Pamenepo ndi pamene muyenera kuzolowera kuyang'ana tsiku lililonse, kuti tsiku la vuto diso lanu lidzazindikire msanga.

Poyamba kachidikhako kamadzaza n'kulingana ndi thupi. Mukatsina chikopa chimakokeka, ndipo ng'ombe mwina ikudyabe. Kenako pamatukuka ngati mtanda, chikopa chimalimba moti simungachitsine. Ng'ombe imasiya kudya, imaponda-ponda, imadzimenya pamimba ndi mwendo wakumbuyo, imagona n'kudzuka, imakodza ndi kuchita ndowe pang'onopang'ono pafupipafupi. Zikafika poipa, mbali zonse ziwiri zimatupa, kumanzere kumakwera kupitirira msana, ng'ombe imatambasula khosi, imapumira m'kamwa lilime lili kunja, dovu likuchucha, ikubuula. Mukatsegula mlomo, nkhama zimaoneka zakuda mobiriwira m'malo mofiira. Ikayamba kudzandira n'kugwa, mwatsala ndi mphindi zochepa chabe.

Ng'ombe ingathe kufa pasanathe ola limodzi chilowereni m'munda woopsa, ngakhale kawirikawiri pamapita maola atatu kapena anayi kuchokera pamene zizindikiro zayamba. China chimene chimapusitsa anthu n'chakuti vutoli limakonda kubwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu m'munda watsopano. Tsiku loyamba mwini ng'ombe amayang'anira, saona kanthu, mtima umakhala pansi. Mawa lake amasiyira mnyamata wobusa n'kupita kutauni.

Kodi kutupa konse n'kwa thovu?

Ayi, ndipo funso ili ndilo lofunika kuposa onse patsamba lino, chifukwa chithandizo chake chimasiyana.

Pali kutupa kwina kumene mpweya uli pawokha pamwamba pa chakudya, wopanda thovu, koma njira yotulukira yatsekeka kapena chifu chaleka kugwira ntchito. Ng'ombe yatsamwa ndi mango, mbatata, chitsononkho kapena mutu wa kabichi. Kapena yadya mapulasitiki ndi masaka kwa miyezi yambiri, monga zimachitira ng'ombe zodya m'mbali mwa misewu ndi pafupi ndi makomboni. Yotereyi imawonda ndipo imatupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa. Kapena yagona cham'mbali nthawi yaitali, monga ng'ombe yofooka itangobereka.

Kusiyanitsa kumayamba ndi mafunso awiri: zadya chiyani, ndipo zatupa zingati? Ngati ng'ombe zingapo zatupa pamodzi zitachoka mu luseni kapena tirigu, ndi thovu. Ngati ndi imodzi yokha, ikuchucha dovu lambiri, ikuyesa kumeza n'kulephera, ndipo pafupi pali mtengo wa mango, papasani khosi kumanzere, mungapeze chotsamwacho. Mukagogoda pa kachidikha ndi chala, mpweya wopanda thovu umalira ngati ng'oma yokungidwa bwino, pamene thovu limamveka mogonthera pang'ono, koma khutu lokha lisakutsimikizireni.

Chotsimikizira ndi paipi yolowetsa m'chifu. Ngati ndi mpweya wokha, umatuluka ndi mkokomo ndipo mimba imaphwa mukuona. Ngati ndi thovu, pamatuluka kampweya pang'ono, kenako paipi imatsekeka, ndipo mukaisolola mupeza m'kati mwadzaza thovu lobiriwira. Ngati paipi ikukana kudutsa pakhosi kapena pachifuwa, ng'ombe yatsamwa. Musakankhe mwamphamvu, mungang'ambe kummero, ndipo musaimwetse kanthu chifukwa zonse zibwerera n'kulowa m'mapapo.

Samalaninso ndi ziphe ziwiri zimene zimabwera ndi kutupa. Ng'ombe yonyambita feteleza wa yuriya imanjenjemera ndi kuphupha, ndipo yodya mapira ang'onoang'ono kapena ophukira pambuyo pa chilala imapuma mwabefu n'kugwa msanga. Izi mafuta sathandiza, itanani dokotala wa ziweto pomwepo.

Ndapeza ng'ombe zatupidwa m'munda. Ndiyambe ndi chiyani?

Tulutsani gulu lonse m'mundamo, osati yotupa yokha, pakuti zinzake zili m'njira yomweyo. Zitulutseni poyenda, musazithamangitse kapena kuzitumizira agalu. Ng'ombe imene ikuvutika kale kupuma ingagwe chifukwa cha liwiro. Zimene sizinatupe zipatseni udzu wouma. Wina aimbe foni kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto wa m'kampu yanu nthawi yomweyo, inu mukuyamba chithandizo. Musadikire kuti afike musanachite kanthu, chifukwa m'nyengo ya mvula misewu ya kumafamu mukuidziwa.

Kenako sankhani. Zotupa pang'ono, zimene chikopa chikutsinika, ziyendetseni pang'onopang'ono ndipo zambiri zimayamba kugeya zokha. Zimene zalimba koma zikupuma ndi mphuno zimafuna mafuta, monga ndafotokozera pa funso lotsatira. Imene ikupumira m'kamwa n'kumadzandira, kapena yagwa, musataye nthawi ndi botolo, pitani pa funso la kuboola.

Pamene mukukonza mafuta, imikani ng'ombe miyendo yakutsogolo ili pamalo okwera, monga pachulu kapena m'mphepete mwa ngalande, kuti katundu wa m'chifu atsikire kumbuyo. Ikani kamtengo kosalala konenepa ngati mpini wa khasu mopingasa m'kamwa, mukamangirire ndi chingwe kuseri kwa nyanga kapena makutu. Ng'ombe imalimbana nako ndi lilime, malovu amachuluka. Njira imeneyi makolo athu ankaidziwa ndipo ili ndi nzeru, koma payokha imangothandiza kutupa kochepa.

Mafuta anji, ochuluka bwanji, ndipo ndiimwetse motani?

Saladi wophikira yemweyu wa kukhitchini, kaya wa soya, wa mpendadzuwa kapena wa nshawa. Ng'ombe yaikulu ipatseni mamililita 250 mpaka 500, ndiko kuti theka la botolo la theka la lita mpaka botolo lodzaza. Ya makilogalamu 400 kapena kuposa, imene yalimba ndithu, ine ndimaipatsa 500 yonse. Thole la miyezi ingapo mamililita 100 ndi okwana. Mafuta amalowa pakati pa timathovu n'kufooketsa zikopa zake, timathovuto timaphulika n'kuphatikana kukhala mpweya umodzi umene ng'ombe ingageye.

M'masitolo a mankhwala a ziweto mumapezeka mankhwala opangira kutupidwa, ena okhala ndi polokisalini, ena daimethikoni. Amagwira msanga kuposa saladi ndipo mlingo wake ndi wochepa. Polokisalini amaperekedwa magalamu 25 mpaka 50 pa ng'ombe yaikulu, koma tsatirani zolembedwa pabotolo chifukwa mphamvu zake zimasiyana. Amene ali ndi munda wa luseni asakhale opanda botolo limodzi pakhola.

Pomwetsa ndi pamene ng'ombe zambiri zimaphedwa ndi eni ake. Gwiritsani botolo la pulasitiki lolimba la khosi lalitali, kapena lagalasi lovekedwa kapaipi ka labala kukamwa kwake. Imani pambali pa mutu, ukwezeni pang'ono chabe kuti mphuno ilingane ndi maso kapena ipitirire pang'ono, osati kuloza kumwamba. Lowetsani botolo pambali pa kamwa, pampata wopanda mano, lifike pamwamba pa lilime. Thirani pang'ono, dikirani imeze, thiraninso. Musakoke lilime ndipo musatseke mphuno, chifukwa ng'ombe yogwidwa lilime singameze. Ikangotsokomola, tsitsani mutu n'kuyamba mwaleka. Mafuta olowa m'mapapo amayambitsa chibayo chovuta kuchiza, ndipo ng'ombe imene munaipulumutsa Lolemba imadzafa Lachisanu.

Mukamaliza, iyendetseni ndipo muzisisita mwamphamvu mbali ya kumanzere kuchokera pansi kukwera m'mwamba kuti mafuta asakanikirane ndi chakudya. Pa mphindi 15 mpaka 30 muyenera kumva kugeya kwa fungo loipa ndi kuona chikopa chikuyamba kutsinika. Ngati palibe kusintha koma sikuipiraipira, bwerezani kamodzi. Ngati ikuipiraipira, musabwereze.

Nanga paipi ya m'chifu imalowetsedwa bwanji?

Ndi bwino mlangizi wa ziweto akuonetseni kamodzi pa ng'ombe yabwinobwino tsiku lopanda phuma. Pamafunika paipi yofewa koma yosapindika wamba, yaitali mamita awiri ndi theka kapena atatu, yonenepa ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu, nsonga yake yosalazidwa kuti isacheke. Ipakeni saladi. Popeza ng'ombe imatafuna paipi, idutsitseni m'kachidutswa ka paipi yolimba kapena m'thabwa loboola pakati loikidwa m'kamwa. Kankhani pang'onopang'ono mpaka kukhosi, dikirani imeze, pitirizani.

Muyenera kutsimikiza kuti yalowa kummero wa chakudya osati kukholingo. Ikalowa koyenera, mumaiona kapena kuikhudza ikutsika kumanzere kwa khosi, imakhala yothina pang'ono poikankha, ndipo kunsonga kumamveka fungo la chifu. Ikalowa kukholingo, imangoyenda mopanda chotchinga, ng'ombe imatsokomola, ndipo kunsonga kumatuluka mpweya wopanda fungo motsatana ndi kupuma. Mukakayika, solorani n'kuyambanso. Mukatsimikiza, isuntheni chamtsogolo ndi chambuyo kufunafuna mpweya umene uli pawokha, kenako thirani mafuta kudzera m'paipimo. Posolola, pindani paipi kapena tsekani nsonga ndi chala kuti zotsalira zisadonthere kukholingo.

Ubwino wa paipi ndi woti imakuuzani mtundu wa kutupa, ndipo mafuta amafika m'chifu osadutsa pangozi ya mapapo. Pakatha mphindi 15 mungailowetsenso kuti mutulutse mpweya umene wamasuka.

Ena amati palafini, sopo waufa, soda kapena mowa zimathandiza. N'zoona?

Za palafini pali chisokonezo chimene chapha ng'ombe zambiri. Palafini wa mankhwala, mafuta oyera olemerera opanda fungo ogulidwa kusitolo ya mankhwala, ndi wabwino ndipo mlingo wake ndi wofanana ndi wa saladi. Palafini wa nyale ndi chinthu china: amawotcha, akangolowa pang'ono m'mapapo amawononga, ndipo fungo lake limalowa mumkaka ndi m'nyama. Dizilo ndi oilo wa injini, makamaka wakale, ndi poizoni.

Sopo waufa wochapira uli ndi zinthu zina zowotcha kukhosi, ndipo palibe chifukwa choyesera pamene saladi ali pafupi. Soda saswa thovu, ndipo akakumana ndi asidi wa m'chifu amawonjezera mpweya. Mowa wamasese ndi zakumwa za gasi n'chimodzimodzi: mukuthira zowira m'chinthu chimene chikuwira kale. Madzi ambiri amangowonjezera katundu m'chifu chodzaza.

Ndi liti pamene ng'ombe iyenera kubooledwa, ndipo amaboola pati?

Pamene yagwa, kapena ikudzandira lilime lili kunja, ndipo mukuona kuti sifika mphindi 15 zodikira mafuta. Zisanafike pamenepo musaboole. Ndaona ng'ombe zambiri zolasidwa mpeni pamimba chifukwa cha mantha pomwe botolo la saladi likanakwana, ndipo zina mwa izo zinafa ndi bala, osati ndi kutupidwa.

Malo ake ndi kumanzere nthawi zonse. Kumanja kuli matumbo. Pezani pakati pa kachidikha kaja, kamene tsopano katukuka: chikhatho chimodzi kumbuyo kwa nthiti yomaliza, chikhatho chimodzi kutsogolo kwa fupa la chiuno, chikhatho chimodzi kutsika kuchokera m'mphepete mwa mafupa a msana. Chida chake ndi tiroka, chitsulo chosongoka chokhala m'kati mwa kapaipi kotchedwa kanyula. Chekani chikopa pang'ono ndi lumo loyera, ikani nsonga, ilozetseni pansi ndi kutsogolo ngati mukufuna kukalasa chigongono cha mwendo wakutsogolo wa kumanja, ndipo imenyeni kamodzi mwamphamvu. Solorani chitsulo, kanyula atsale, mum'gwire mom'kanikiza kuti asatuluke m'chifu pamene chikuphwa.

Apa pali malire amene ambiri sauzidwa. Tiroka wamba ndi woonda, ndipo amagwira bwino pa mpweya wopanda thovu. Pa thovu amatsekeka pakangopita kanthawi. Pamafunika wamkulu, wa masentimita awiri ndi theka m'mimba mwake, ndipo ngakhale ameneyo muyenera kumam'tokosa ndi waya woyera. Phindu lake lina n'lakuti mungathire mafuta kapena mankhwala kudzera mwa kanyula, kulunjika pathovu penipeni. Singano ya jakisoni pa thovu n'kutaya nthawi.

Ngati kanyula watsekeka ndipo ng'ombe ikufa, kapena mulibe tiroka, chotsala ndi mpeni wakuthwa woyera. Pamalo omwewo chekani motsitsa, kudutsa chikopa, mnofu mpaka kulowa m'chifu, bala la masentimita 10 mpaka 20. Kabala kakang'ono ndi koipa kuposa lalikulu, chifukwa thovu silituluka kunja koma limatayikira m'kati mwa mimba. Imani pambali, chifukwa zimatuluka mwamphamvu, komanso ng'ombe imaponya mwendo. Ng'ombe yotere iyenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo kuti atsuke, asoke chifu ndi khungu, ndi kupereka mankhwala opha tizilombo kwa masiku angapo, apo ayi m'mimba mumachita mafinya. M'nyengo ya mvula tetezaninso balalo ku ntchentche. Mkaka wake musagulitse kufikira masiku olembedwa pa mankhwalawo atatha.

Mungatiuze mmene zimakhalira zikachitikadi?

Ndikuuzani za pakhola langa. Unali mwezi wa Julaye, ndili ndi ng'ombe za mkaka zisanu ndi imodzi ndi kamunda ka luseni kothirira kamene ndinali nditadula masabata awiri m'mbuyo, ndiye kanali kataphukira kufika m'katumba, kanthete kokhakokha. Udzu wouma unatha madzulo, ng'ombe zinagona ndi njala. M'mawa titakama, cha m'ma 6 koloko, mame ali mbuu, mnyamata wothandiza anazitsegulira ku luseni pozimvera chisoni. Cholakwa chinali changa, pakuti sindinam'fotokozerepo chifukwa chake chipata chija chimakhala chomanga.

Isanakwane 8 koloko anabwera akuthamanga. "Atate, bwerani, ng'ombe zafufuma!"

Titazitulutsa, ziwiri zinalibe kanthu. Ziwiri zinali zodzaza kumanzere koma chikopa chikutsinika. Ndinauza mwana wanga kuti aziyendetse kuzungulira khola, ndipo pasanathe theka la ola zinali zikugeya. Yachisanu inali yolimba ngati tayala, ikuponda-ponda. Tinaiimika pachulu, amake mwana anabweretsa saladi wa m'nyumba, ndinayeza botolo la mamililita 500 n'kuimwetsa pang'onopang'ono, mwina mphindi zisanu zathunthu, kenako kamtengo m'kamwa ndi kusisita. Patapita mphindi 20 inageya koyamba, ndipo pofika ola inali itaphwa.

Yachisanu ndi chimodzi, ya mkaka wambiri pa zonse, inali ikupumira m'kamwa. Paipi inatulutsa thovu lodzaza chikhatho n'kutsekeka. Ndinathira mafuta kudzera m'paipi, koma ndisanamalize kusolola inagwada n'kugwera kumanja. Ndinabaya tiroka, kunatuluka kamluzu ka masekondi ochepa, kenako thovu lobiriwira linatseka kanyula. Ndinataya mwina mphindi ziwiri ndikutokosa ndi waya, ndikuopa mpeni. Nditaona maso akutembenuka ndinacheka, bala lotalika ngati chikhatho changa ndi zala zomwe. Thovu linatuluka ngati phala lowira, linandithira thupi lonse, ndipo ng'ombeyo inakoka mpweya wautali. Dokotala anafika cha m'ma 11 koloko, anatsuka n'kusoka. Inachira, koma mkaka unatsika kwambiri ndipo sunabwererenso pakale mpaka itaberekanso.

Yaphwa. Ndingaibweze kumsipu mawa?

Ayi. Thovu limatha kubwerera pakapita maola angapo mafuta akatha mphamvu, choncho muziiyang'ana mpaka usiku. Ipatseni udzu wouma ndi madzi kwa masiku awiri kapena atatu, gaga ndi zakudya zamphamvu muchepetse. Ndowe zidzakhala zofewa chifukwa cha mafuta, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Chizindikiro chabwino ndi kuiona yagona n'kumabzikula. Ikayamba kutsokomola, kutentha thupi kapena kukana chakudya, ganizani za chibayo chimene ndatchula pa funso la mafuta.

Ndingapewe bwanji popanda kusiya luseni?

Simuyenera kum'siya, ndi chakudya chabwino cha mkaka. Lamulo lalikulu ndi ili: ng'ombe yanjala isalowe mu luseni, tirigu kapena msipu watsopano. Iyambe yakhuta udzu wouma kapena mapesi, ndipo ilowe dzuwa litakwera, mame atauma. M'mawa wotsatira usiku wozizira kwambiri, kapena mvula itangogwa pambuyo pa ng'amba, dikirani kwambiri.

Masiku oyamba zidye theka la ola kapena ola limodzi, munthu ali pomwepo ndi mafuta, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono kwa sabata kapena kuposa. Zikazolowera, musamadumphitse masiku kapena kusinthasintha nthawi, chifukwa kutsekera n'kutsegulira kumabweretsa umbombo uja. Dikirani luseni ayambe maluwa. Ngozi imachepa kwambiri ngakhale siitheratu. Ng'ombezo zipatseni kachigawo kakang'ono ka munda patsiku kuti zidye ndi mapesi omwe, osangobudula nsonga m'munda wonse. Pobzala munda wodyetsera, sakanizani kuti udzu ukhale theka kapena kuposa.

Kwa amene ali ndi ng'ombe zochepa, njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi kudula n'kufotetsa. Dulani lero, yanikani tsiku limodzi kapena awiri, perekani mosakaniza ndi udzu wouma. Masamba a kabichi ndi repu chitani nawo chimodzimodzi, ndipo akhale gawo laling'ono la chakudya. Pa masiku oopsa mungasakanize saladi mamililita 60 mpaka 120 pa ng'ombe patsiku m'gaga, mogawa kawiri, chifukwa mphamvu yake imatha pa maola ochepa. Pali mankhwala a monensini amene amachepetsa kutupidwa, koma mlingo wake aziika ndi dokotala kapena wopanga zakudya, ndipo ndi poizoni woopsa kwa akavalo ndi abulu.

Ndipo aliyense wogwira chipata adziwe zimenezi: wobusa, ana, ngakhale mlonda wa usiku.

Ndapeza ng'ombe yafa m'mawa, mimba ili yotupa. Ndi kutupidwa? Tingadye nyama?

Musafulumire kunena choncho. Ng'ombe iliyonse yakufa imafufuma pakapita maola ochepa, makamaka kukatentha, kaya yafa ndi mphezi, njoka kapena matenda. Antiraksi, amene anavutitsa dziko lino mu 2023 n'kudwalitsa anthu, nayenso amapha mwadzidzidzi, mtembo umafufuma msanga, ndipo nthawi zina kumatuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Ng'ombe imene simunaione ikufa musaisende, musaitumbule, musaigulitse, ndipo agalu asaifike. Dziwitsani a zaziweto.

Dokotala akatsimikiza kuti si antiraksi n'kuitumbula, kutupidwa kumaoneka: mutu, khosi ndi mbali yakutsogolo zimadzaza magazi, yakumbuyo imakhala yotuwa, mapapo amakhala ophwanyidwira kutsogolo, ndipo m'kati mwa kummero mumaoneka mzere pamene kufiira kwa m'khosi kwakumana ndi kutuwa kwa m'chifuwa. Thovu lenilenilo limayamba kusungunuka pakapita maola, choncho muitaneni m'mawa womwewo, ndipo ng'ombe zotsala zisabwerere m'munda umene zinadya dzulo kufikira atakuuzani chimene chapha mnzawo.